THANDIZENI: ndakongoletsa mawindo a pabalaza koma nyumba yasanduka uvuni

Wofunsa (sanatchule dzina): Amayi ndi abambo a pagulu pano ndavutika. Loweruka lino kunyumba kwanga kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga, ine ndiye ndinapatsidwa zokongoletsa ngakhale alamu anga amene analonjeza ndalama ya nsalu mpaka pano foni sakuyankha, alandilodi nawo anakana kuti ndikhome msomali pakhoma pamene denga lawo likudontha chaka chachiwiri. Ndagula makatani ochindikala a maruni, ndadula mitima ndi maluwa a mapepala ndamata pa magalasi ndi seloteyipi, maliboni ndapachika pakhomo ndi pa mabagala. Kukongola kwakongola koma mkati mwada bii masana ano ndipo kutentha kwake kwa Okutobala munthu sungakhale mphindi 10. Akuchimuna akubwera anthu ngati 25. Ndichotse chani ndisiye chani?

Make Anyamata: Musachotse kalikonse mayi. Katani ndi chitetezo, ine akuba anasuzumira pa lesi n'kuona TV, usiku womwewo anadula bagala. Kutentha kupirika, kuberedwa ayi.

Telala wa ku Chilobwe: Asisi simunanene chachikulu, mawindo anu ndi a maluvazi kapena achitsulo otsegukira kunja? Nanga dzuwa limalowa nthawi yanji? Ngati ndi maluvazi ndipo pepala mwamata modutsa magalasi awiri atatu, ndiye kuti mwawatseka nokha, sangapendekeke. Pamenepo dulani tizidutswa tating'ono tokwana pa galasi limodzi.

Mjomba wa ku Mangochi: Anthu 25 mu uvuni, nkhuku ya ankhoswe ipsa yokha osafuna makala kkkk

Make Anyamata: Atelala inu mukufuna kumugulitsa lesi basi, timakudziwani.

Telala wa ku Chilobwe: Sindikugulitsa kanthu mayi. Makatani ake asunge, vuto ndi kapachikidwe. Ndodo kapena waya wa katani uzipitirira windo ndi masentimita 15 kapena 20 mbali iliyonse, kuti mukakoka katani ikaunjikane pakhoma osati pagalasi. Ambiri amayeza waya ndendende ndi windo, ndiye windo la mita imodzi mbali yaikulu imakhala yophimbika ngakhale mwatsegula. Mangani katani iliyonse ndi liboni m'chiuno, kukongoletsa kwachitika pomwepo. Pakati ngati mukufuna lesi, ikhale yoyera ndipo m'lifupi isapitirire kawiri windo, mukaikhwinyata kwambiri imagwira mphepo ngati bulangete.

Nachisale wa ku Kawale: Ine zamapepalazi ndinasiya. Pa Khrisimasi magetsi atazima mwana anaika kandulo pawindo, mphepo inakankha liboni, katani inayaka mpaka pamwamba, tinazimitsa ndi madzi a m'ndowa. Mpaka lero khoma ndi lakuda.

Mphunzitsi wopuma: Pepani a Nachisale. Wofunsa, yang'anani pamwamba pa mawindo ndi chitseko, nyumba zambiri zimakhala ndi timabowo ta mpweya. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, maka malata akakhala opanda siling'i, ndipo umatulukira mmenemo. Ngati katani kapena mapepala aphimba pamenepo tsitsani. Chinanso, mphepo siilowa bwino popanda potulukira, tsegulani khomo lakumaso ndi lakuseri kapena windo la mbali ina. Kuti mudziwe ngati zatheka pachikani liboni imodzi yopepuka pakati pa khomo, ikangolendewera zii ndiye kuti mpweya sukuyenda.

Make Anyamata: Kutsegula makomo onse pa chinkhoswe? Mafoni a alendo mudzalipira ndinu aphunzitsi? Anthu inu simunaberedwepo eti.

Mphunzitsi wopuma: Mayi, anthu 25 ali maso masana. Usiku adzatseka.

Mtsikana wa ku Zomba: Seloteyipiyo chotsani msanga, ikawombedwa ndi dzuwa masiku angapo imasiya ulimbo pagalasi, ine ndinachita kupukuta ndi parafini. Matani ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, limachoka ndi madzi.

Telala wa ku Chilobwe: Phala limagwira inde koma limaitana nyerere ndi mphemvu, masiku awiri okha ndiye palibe vuto. Bola kupaka sopo wonyowa pang'ono m'makona mwa pepala. Komanso mapepala ofewa amitundu aja akanyowa amasuluka, adetsa lesi. Muwaike m'mphepete mwa galasi ngati mkombero, pakati pasiyidwe poyera. Maliboni a pa mabagala akhale afupi kuti asakoledwe potseka windo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Alamu aja ayankha tsopano akuti ndalama atumiza Lachisanu, nsalu ndikagule liti? Timabowo ndaona, ndinatiphimbadi ndi nsalu imene ndinapachika pamwamba pa mawindo, ndachotsa. Dzuwa limalowa ndikamabwera ku ntchito cha m'ma 3.

Mphunzitsi wopuma: Ndiye windo limenelo layang'ana kumadzulo. Mwambo ukakhala masana kokani katani pa windo lokhalo koma galasi likhale lotsegula, ena onse mangani ndi maliboni.

Make Anyamata: Mwaona, mwabwerera ku katani yanga yomwe ija.

Telala wa ku Chilobwe: Asisi, maluvazi kapena achitsulo? Ndafunsa kalekale.