Kodi ndigule laisensi ya SPSS chifukwa cha tebulo la mabanja 60?

Wophunzira wa zaumoyo: Akuluakulu, ndikupempha nzeru ndisanawononge ndalama. Ndinafunsa mabanja 60 za nthawi imene amatenga kupita kumjigo, kudikira pamzere ndi kubwerera kunyumba, ndipo mayankho ndinawawerenga ndi timizere m'kope, tinayi toimirira ndi kachisanu kopingasa. Ochepera mphindi 15 alipo 9, a mphindi 15 mpaka 29 alipo 21, a 30 mpaka 44 alipo 16, a 45 mpaka 59 alipo 8, ndipo a ola limodzi kapena kupitirira alipo 4. Mabanja awiri sanayankhe. Maperesenti amene ndapeza ndi 16, 36, 28, 14 ndi 7, koma ndikamawaphatikiza kutsika nawo mmunsi ndikumathera pa 101. Mnzanga wina akuti mavuto otere satha popanda SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthula ziwerengero za kafukufuku. Kodi ndigule laisensi yake?

Mayi wa kubungwe la alimi: Achemwali, zimenezi zinandichitikirapo pamene tinkafunsa alimi mbewu zimene amadzala. Ambiri anatchula chimanga, mtedza ndi soya nthawi imodzi, ndipo maperesenti anapitirira 100 kutalitali. Onani bwino, mwina pali mabanja amene anapereka mayankho awiri.

Mphunzitsi wa masamu: Mayi, zimene mukunenazo zimachitikadi pa funso lolola mayankho angapo, koma pano si choncho. Tikaphatikiza 9, 21, 16, 8 ndi 4 tikupeza 58, ndipo tikaonjezera awiri osayankha aja tikukwanitsa 60, kusonyeza kuti palibe banja limene lawerengedwa kawiri. Timizere tawo tili bwino.

Achemwali, 101 wanuyo wabwera chifukwa chofulumira kusandutsa peresenti iliyonse kukhala nambala yathunthu. Mukagawa 9 ndi 58 mupeza 0.1552, ndiye kuti maperesenti 15.5, koma inu mwalemba 16. Enawo ndi 36.2, 27.6, 13.8 ndi 6.9. Mwa manambala asanuwa, anayi mwawakweza ndipo imodzi yokha ndiyo mwaitsitsa, choncho tizidutswa tonse timene munaonjezera taunjikana mpaka kukwana peresenti imodzi.

Njira yabwino ndi yoyamba mwaunjika mabanja enieniwo musanagawe. Muyambe ndi 9, muonjezere 21 kuti akhale 30, kenaka 46, 54 ndi 58. Tsopano nambala iliyonse muigawe ndi 58 n'kuchulukitsa ndi 100, ndipo mupeza 15.5, 51.7, 79.3, 93.1 ndi 100.0. Mzere womaliza sungaphonye 100 chifukwa mukugawa 58 ndi 58 yemweyo. Ntchito imeneyi sifuna pulogalamu yogula, ngakhale kakyuleta wa pafoni angaikwanitse.

Wogwira ntchito ya kalembera: Ine ndikuona kuti agule basi. SPSS imatulutsa tebulo lonse kamodzin'kamodzi, lokhala ndi Frequency, Percent, Valid Percent ndi Cumulative Percent, ndipo munthu salakwitsa chilichonse. Komanso ndikufunsa, n'chifukwa chiyani mukugawa ndi 58 pamene mabanja amene anayenderedwa ndi 60?

Mphunzitsi wa masamu: Funso lanu lachiwirilo ndi lofunika kwambiri, bambo, ndipo yankho lake lili m'tebulo lomwe mwatchulalo. Danga la Percent limagawa ndi onse 60, pamene la Valid Percent limagawa ndi 58 amene anayankha, ndipo Cumulative Percent imamangidwa kuchokera pa Valid Percent. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma taonani mzere wachiwiri. Mabanja 30 mwa 60 ndi theka lenileni, pamene 30 mwa 58 ndi maperesenti 51.7, zimene zimalola wolemba kunena kuti opitirira theka amatunga madzi mphindi 30 zisanakwane. Zonse ziwiri si zabodza, koma wolembayo ayenera kunena pansi pa tebulo kuti wagawa ndi chiyani ndiponso kuti mabanja awiri sanayankhe.

Pamene sindikugwirizana nanu ndi poti munthu salakwitsa. Ngati achemwaliwa atalemba 99 m'malo mwa yankho losowa n'kuiwala kuika nambalayo pa Missing mu Variable View, pulogalamuyo idzatenga 99 ngati gulu lachisanu ndi chimodzi la mayankho, idzagawa ndi 60, ndipo mzere wa ola limodzi udzathera pa 96.7 m'malo mwa 100. Imachita zimenezi osachenjeza. Imasindikizanso Cumulative Percent ngakhale pa funso lopanda ndondomeko, monga la komwe banja limatunga madzi, kaya pamjigo, pachitsime, pampopi kapena kumtsinje. Kunena kuti maperesenti akutiakuti amatunga pachitsime kapena kucheperapo kulibe tanthauzo, chifukwa chitsime sichichepera kapena kuposa mpopi monga mmene mphindi 15 zimachepera mphindi 30.

Wogwira ntchito ya kalembera: Za 99 ndavomera, zinandipusitsapo inenso. Komabe pepala la mafunso silikhala ndi funso limodzi. Ngati ali ndi mafunso 30, kodi awerenga onsewo ndi timizere? Kutopa ndiko kumabweretsa zolakwa.

Wophunzira wa zaumoyo: Mafunso alipo 24, bambo, ndipo onse ndawerenga kale ndi timizere. Laputopu ndili nayo, ndipo ili ndi Excel.

Mphunzitsi wa masamu: Ngati ndi choncho, ikani manambala asanu aja m'mabokosi B2 mpaka B6, mulembe izi mu C2 ndi mu D2, kenaka muzikokere pansi mpaka mzere wa 6:

```
=B2/SUM($B$2:$B$6)
=SUM($B$2:B2)/SUM($B$2:$B$6)
```

Yoyambayo ikupatsani gawo la gulu lililonse pakati pa onse oyankha, yachiwiriyo ikupatsani gawo lounjikana. Musankhe kuti zioneke ngati maperesenti okhala ndi nambala imodzi pambuyo pa kadontho. Zizindikiro za $ musazisiye, chifukwa ndi zimene zimagwira malire kuti asasunthe pokoka. Dziwaninso kuti SPSS imayembekezera mzere umodzi pa banja lililonse, choncho mukaigula mudzayenera kulowetsanso mapepala onse 60, kapena kuphunzira kugwiritsa ntchito Weight Cases, njira youza pulogalamuyo kuti mzere umodzi ukuimira mabanja angati. Ngati okuyang'anirani akufuna tebulo looneka ngati la SPSS, ilipo PSPP, yomwe ndi yaulere ndipo imatulutsa madanga anayi omwewo.

Wogwira ntchito ya kalembera: Kulowetsa mapepala onsewo sikungakhale kutaya nthawi. Tsiku limene adzafunsidwe ngati mabanja oyenda mtunda wautali ndi omwewo amene ana awo amatsekula m'mimba kawirikawiri, timizere sitidzayankha, chifukwa sitisunga kuti yankho ili ndi la banja liti.

Mphunzitsi wa masamu: Pamenepo mwalasa, bambo. Mapepalawo alowetsedwe ndithu, koma angathe kulowa mu Excel kapena mu PSPP popanda kulipira.

Mlangizi wa zaumoyo: Ine nkhawa yanga ili pa malire a magulu. Muyezo wa WHO ndi UNICEF umawerengera madzi a pamjigo kuti ali pafupi mokwanira ngati ulendo wonse, kuphatikizapo kudikira pamzere, sukupitirira mphindi 30. Anthu kumudzi sayenda ndi wotchi popita kumjigo, ndipo ambiri amangoti theka la ola. Inu achemwali mwaika onse otero m'gulu la 30 mpaka 44, pamene muyezowo ukanawaika mkati mwa malire. Ndiye kuti 51.7 wanuyo akhoza kukhala wochepa poyerekeza ndi muyezowo. Kodi munalemba mphindi zenizeni zimene anatchula, kapena munkangochonga gulu?

Wophunzira wa zaumoyo: Pa mapepala a masiku oyamba ndinkalemba mphindi zenizeni, koma pambuyo pake ndinayamba kungochonga gulu. Laisensi ndaisiya kaye. Usiku uno ndibwereranso ku mapepala 16 a gulu lachitatu kuti ndione angati ali ndi 30 yeniyeni, ngakhale sindikudziwa kuti ongochongawo ndichita nawo bwanji.