Kalata yokweza mtengo ija ndaikonza

Funso langa lija linali loti: "Ndiwauze bwanji makasitomala anga akalekale kuti ndikukweza mtengo wochapira zovala, osaoneka ngati ndikuwabera?"

Ndabweranso abale. Poyamba ndinalemba kuti "mitengo isintha pang'ono chifukwa zinthu zakwera", mchemwali wanga atawerenga anangondifunsa kuti pang'ono ndi zingati, ine kukamwa yasa. Ndiye mawu oti pang'onowo ndachotsa, za 15 peresenti ndachotsanso chifukwa munthu mpaka atenge foni awerengetsere, ndani ali ndi nthawi imeneyo. Pano mzere woyamba ukungoti: "Kuyambira pa 1 Okutobala, basiketi imodzi ichoka pa 200 kufika pa 230." Mtengo wakale ndi watsopano pamzere umodzi, komanso tsiku lenileni osati "mwezi wamawa", poti ena uthenga amautsegula patatha masabata awiri.

Pa zifukwa mpomwe ndinachita manyazi ndekha. Ndinali nditaikamo lendi, chonsecho lendi yanga sinakwere chaka chino, ndinangoiponyamo kuti nkhani imveke yolemera basi, ndiye tangoganizani kasitomala wina amadziwana ndi eni nyumba, ndikanayaluka. Ndasiya ziwiri zoona zokhazokha, sopo ndi magetsi.

Kupepesa kunalimo katatu, kwatsala kamodzi kumapeto. Ndawonjezeranso kuti amene analipiriratu amaliza mwezi wawo pa mtengo wakale.

Nditatumiza, mayi wina anafunsa ngati 230 yo ikuphatikiza kusita. Apo ndinaiwaladi, ndatumizanso kamzere kena koti kusita kuli momwemo.