Vidiyo ya ukwati wa makolo anga yawala, koma mayi akuti nkhopeyo si ya bambo

Nangondo wa ku Dedza:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Makolo anga anakwatirana mu 1996 ndipo ukwatiwo unajambulidwa pa tepi ya VHS. Patapita zaka, malume anakaisamutsira pa VCD, ndiye diski imene tili nayo. Bambo anatisiya chaka chatha. Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza, ndipo ndimafuna madzulo ake tidzaonere vidiyoyi pa pulojekita, adzukulu awaone agogo awo akuyenda, akuseka.

Vuto ndi loti zithunzi zake ndi za mbuu. Ndinapatsa mnyamata wina kuti aikweze ifike pa HD ndi mapulogalamu a AI aja. Itabwera ndinasangalala, suti ya bambo ikuoneka mpaka mabatani. Koma nditawaonetsa mayi anangoti duu. Kenako anati, "Mwanawe, awa ndi ndani?" Bambo anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Muvidiyo yatsopanoyi mano ndi ogundana, oyera mbee, chipsera palibe. Akatembenuka nkhope imasintha ngati ndi anthu awiri. Ngakhale mawu amene analembedwa pansalu kumbuyo kwa akwati asanduka zilembo zosawerengeka.

Kodi walakwitsa ndi mnyamatayu kapena ndi mmene zimakhalira? Ndilipirenso wina?

Bambo a Tadala:
Pepani ndi zovutazo achemwali. Ameneyo wagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere. Pezani wa pulogalamu yolipira, aikweze mpaka 4K, zonse zidzatuluka bwinobwino.

Wamakamera ku Zomba:
Mayi Nangondo, pepani. Ntchito yosamutsa matepi ndaigwira zaka zambiri, ndiye ndiloleni nditalikitseko. Bambo a Tadala akunena zoona kuti mapulogalamu amasiyana, ena amawononga kwambiri kuposa anzawo. Koma za 4K zo ayi, zingowonjezera vutolo.

Chithunzi cha vidiyo ndi timadontho. VCD ya kuno kwathu imakhala ndi timadontho 352 m'litali ndi 288 m'lifupi, tonse pamodzi 101,376. Chithunzi chomwecho kuti chidzaze sikirini ya HD popanda kuchikoka m'mbali chimafunika 1440 ndi 1080, kupitirira timadontho 1,500,000. Ndiye kuti pa timadontho 15 tilitonse timene mukuona, kamodzi kokha ndi kamene kachokera pa diski yanu. Tina 14 pulogalamu yachita kulota, potengera nkhope zambirimbiri za anthu ena zimene inaphunzirirapo.

Tsopano taganizani za bambo ataima kuguwa, wojambula ali chapatali. Nkhope yawo mwina ikutenga timadontho 20 kuchoka tsaya ili kufika linalo. Nkhope ya munthu wamkulu ndi pafupifupi masentimita 15, choncho kadontho kamodzi kakuimira mamilimita 7 kapena 8. Kampata ka mano ndi mamilimita awiri kapena atatu basi. Sikakwana n'kadontho kamodzi komwe. Pa diskipo kampatako kulibe, pangotsala kamthunzi. Pulogalamu ikaona pakamwa poyererako imaikapo mano amene inazolowera, ogundana bwino. Chipsera nacho imachiyesa litsiro la vidiyo n'kuchipukuta.

Kusinthasintha kwa nkhope kuja n'chifukwa choti pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 25, ndipo mapulogalamu ena amalota chithunzi chilichonse pachokha osayang'ana chinzake. Zilembo za pansalu ndi pamene mungagwirire bodza lake msanga, chifukwa imajambula tinthu tofanana ndi zilembo koma tosanena kanthu.

Nangondo wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri achimwene, mwandimasula. Ndiye kuti basi palibenso chochita?

Wamakamera ku Zomba:
Chilipo. Choyamba ndifunse, tepi yeniyeni ya VHS ija ili kuti? VHS nayonso si yakuthwa, koma posamutsira pa VCD panatayika theka la mizere ya chithunzi, n'kuwonjezerapo timabokosi tija timaoneka anthu akamavina. Tepi ikapezeka, ijambulidwenso pa 720x576, osaifinya kwambiri. Komanso tepi imasunga chithunzi m'magawo awiri olukana, 50 pa sekondi. Wokonzayo ayambe walumikiza magawowo bwino, ambiri timagwiritsa ntchito pulogalamu ya QTGMC kapena ya bwdif. Akapanda kutero, m'mbali mwa munthu woyenda mumaoneka timano ngati ta chipeso, ndipo AI imatinola timanoto poyesa kuti ndi mbali ya chithunzi.

Ikakhala kuti tepi kulibe, bwererani ku diski. Mufoda ya MPEGAV muli fayilo ngati AVSEQ01.DAT, imeneyo ndiyo mumupatse. Musamutumizire pa WhatsApp, imafinyanso vidiyo. Mumuuze akweze kawiri kokha, azimitse mbali yokonza nkhope imene imalembedwa Face Recovery kapena Face Enhance, angochepetsa timabokosi pang'ono ndi kukonza kuwala. Ayambe ndi masekondi 10 pamene bambo ali pafupi ndi kamera, mukawaonetse mayi, akavomera ndiye apitirize. Siidzawala ngati filimu ya lero, koma adzakhala bambo anu.

Mtsikana wa pa Area 25:
Inenso foni yanga inagwera m'madzi, munali mavidiyo a mwana wanga ali wakhanda. AI yomweyo ingawabweze?

Wamakamera ku Zomba:
Imeneyo ndi nkhani ina achemwali, pitani nayo kwa okonza mafoni, ndipo musaiyatse kaye.

Mphunzitsi ku Joni:
Ndiwonjezereko pa za nkhope. Mu 2020 anthu anayesa pulogalamu yotchedwa PULSE, anaipatsa chithunzi cha Barack Obama chosaoneka bwino, iyo n'kutulutsa nkhope ya mzungu. Zinthuzi zimabweza zimene zinadyetsedwa. Ine ndinaziona pa chithunzi cha agogo anga aakazi: mphini za kumaso zonse zinafufutika, khungu linayererako, mphuno inaonda. Ndinalira. Choncho mukamayesa, muyang'anitsitse khungu ndi mphuno, osati mano okha.

Bambo a Tadala:
Chabwino ndamva. Koma nanga ngati pali chithunzi chabwino cha malemuwo, bwanji osaipatsa pulogalamuyo kuti itengere pamenepo? Ndinamva kuti zimatheka.

Wamakamera ku Zomba:
Zimatheka ndithu, kampata kakhoza kubwerera. Koma kumeneko ndi kumata nkhope pa vidiyo. Kaseke kamene mudzaone kadzakhala kopanga, osati kamene anaseka tsiku limenelo. Ine makasitomala anga ndimawakaniza. Kuli bwino chithunzicho chionetsedwe pachokha vidiyo isanayambe.

Mphunzitsi ku Joni:
Apo ine ndikusiyana nanu pang'ono achimwene. Ngati banja lauzidwa poyera kuti nkhopeyi yathandizidwa ndi chithunzi, ndipo mayi avomereza, sindikuonapo cholakwa. Chachikulu diski yoyambayo isungidwe, ikopedwenso pawiri.

Nangondo wa ku Dedza:
Ndayimbira azakhali ku Mtakataka. Akuti tepi ilipo m'sutikesi, koma pagalasi lake pakuoneka zoyera ngati ufa. Ndiiyese mu deki ya aneba?

Wamakamera ku Zomba:
Ayi chonde, musaiike! Chimenecho ndi chuku. Chimamatanitsa tepi, ndipo mukaizunguza ikhoza kuduka n'kudetsanso mitu ya deki. Musaiyanikenso padzuwa. Iikeni m'pepala la pulasitiki payokha, kutali ndi matepi ena, ipite kwa munthu woti aitsegule n'kuipukuta pang'onopang'ono. Nthawi zina imapulumuka, nthawi zina chuku chimakhala chitadya kale. Ijambuleni pafupi, mbali zonse ziwiri, muike pano ndione mmene chafalikira.

Nangondo wa ku Dedza:
Ndipita Loweruka kukaitenga ndekha, sindikufuna idzere pa minibasi m'manja mwa wina. Pakadali pano ndamuuza mnyamata uja za masekondi 10 aja, ndasankha pamene bambo akuwadyetsa mayi keke. Chithunzi cha tepi ndiika ndikangofika.