Ndiwauza bwanji a lidi kuti rani saiko siitha Lachisanu?

Wofunsa:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndine animeta wongoyamba kumene, ndimagwirira kunyumba kuno ku Mangochi, situdiyo ili ku Blantyre. Anandipatsa kamnyamata kothamanga mu Blender, mafulemu 16 pa 24 pa sekondi, dedilayini Lachisanu. Dzulo opanga rigi, mafupa oyendetsera kamnyamatako, afupikitsa miyendo pang'ono, ndiye phazi likamagunda pansi pa fulemu 1 ndi 9 mwendo ukuwongoka mpaka kutheratu, bondo likudumpha, phazi lakumbuyo likutsetsereka. Ndalemba uthenga wopita kwa a lidi, otsogolera gulu lathu, wakuti "Bwana pepani kwambiri ntchito ija yavuta pang'ono, ndiyesetsa kumaliza msanga." Nditumize choncho?

Wa ku Namwera:
Ingonenani kuti magetsi anathima achimwene, palibe bwana amatsutsa zimenezo kkkk

Mchemwali wa ku Zomba:
Musatumize imeneyo. "Msanga" si tsiku, ndipo a lidi akufuna kudziwa kuti oyika kamera adikira mpaka liti. Za magetsi ayi, atsegula fayilo aona okha bondolo. Lembani chonchi: "Bwana, rani saiko siitha Lachisanu, ndipereka Lachiwiri masana. Miyendo itafupika pa rigi yatsopano, IK ikukoka mwendo mpaka kumapeto pa fulemu 1 ndi 9, ndiye ndikufupikitsa sitepe ndi kukonzanso chiuno. Manja ndi mutu zili bwino. Ngati a kamera akufuna chogwiritsa ntchito Lachisanu ndiwapatsa ya mapozi okha, yosasalaza." Muyikepo kavidiyo korenda pa viewport koonera chammbali, mbali ndi imene imaonetsa kutsetsereka. Tumizani lero, osati Lachisanu m'mawa.

Wa ku Monkey Bay:
Masiku onsewo achani? Tsitsani chiuno mu Graph Editor bondo lipinda lokha, mphindi khumi zakwana.

Mchemwali wa ku Zomba:
Bondo lisiyadi kudumpha koma mwanayo azithamanga chonjuta, ndipo phazi silinakonzedwe. Tinene kuti saiko yonse amayenda mamita 2, ndiye phazi lili pansi limabwerera masentimita 12.5 pa fulemu. Sitepe ikafupika saiko n'kufika mamita 1.8, limabwerera masentimita 11.25, ndipo ngati thupi likupitabe patsogolo pa liwiro lakale phazi lizikhala ngati laponda matope. Zonsezo ziyenera kugwirizana, ndi pamene pamadya nthawi.

Mnzanu wa pa boma:
Laputopu yanganso imachedwa kurenda kukatentha, ikani fani pansi pake

Wofunsa:
Si renda akulu, ndi miyendo. Koma achemwali, ndikatchula rigi sizioneka ngati ndikuwanenera anzanga aja? Ndi akulu kwa ine, ndipo ndi amene anandilowetsa ntchito.

Mchemwali wa ku Zomba:
Tchulani rigi, musatchule munthu. Ndipo afunseni kaye ngati miyendoyo yatha kusintha, asadzaisinthenso Lolemba.

Wa ku Monkey Bay:
Ineyo ndikanapempha kuti shoti imeneyi ingotsala pa rigi yakale basi.

Wofunsa:
Yakale siyingatheke, mashoti ena ayamba kale ndi yatsopano. Ndawaimbira a rigi, sakuyankha.