Kodi LinkedIn Premium ndi yoti munthu n'kulipira kuti adziwe kumene kuli ntchito?

Nabanda: Akuluakulu muno ndithandizeni maganizo. Ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ya ICAM, ndagwira zaka zinayi pa bungwe lina ku Lilongwe, koma pulojekiti inatsekedwa thandizo la USAID litaimitsidwa mu Januwale 2025. Panopa sindikudziwa koyang'ana: ndilimbikirebe ku mabungwe, kapena ndilowere ku makampani a ku Blantyre. Mnzanga akuti ndilipire LinkedIn Premium, akuti imaonetsa kumene akulemba anthu ambiri ndi maluso amene akufunidwa. Ndi madola pafupifupi 30 pamwezi, ndiye kuti K50,000 ndi kakuti pa mtengo wa ku banki. Ndiponye ndalamayi?

Yamikani: Ponyani asisi, musachedwe. Olemba ntchito akaona kachizindikiro kagolide kamene amaika pa tsamba la munthu wolipira amadziwa kuti munthuyu ndi wotsimikiza. Komanso mumaona amene watsegula tsamba lanu.

Nabanda: Achimwene, wotsegula tsamba langa sakundidetsa nkhawa. Ndikufuna kudziwa kumene kuli msika.

Bambo Phiri: Mayi, ndayamba ndalipirako miyezi iwiri, ndiye ndinene zimene ndinaona. Imakuonetsanidi ngati chiwerengero cha antchito pa kampani chikukwera kapena kutsika, komanso maluso a anzanu amene afunsira ntchito yomweyo. Koma manambala amenewo amachokera kwa anthu amene ali pa LinkedIn ndipo amakonza masamba awo. Ku Joni kapena ku Nairobi anthu otere ndi ochuluka, zimamveka. Kuno kampani ya antchito 300 mupeza alipo 40, ndipo ena anachoka kalekale koma tsamba likunenabe kuti ali pomwepo. Akalowa atatu okha mzere wa chiwerengero cha antchito umakwera ngati kampani ikukula. Ndiye ntchito zambiri za akauntanti kuno zimatuluka mu The Nation ndi The Daily Times, pa masamba a ntchito a pa intaneti, ndi m'magulu ngati lino. Zimenezo LinkedIn siziwerenga.

Nabanda: Nanga munthu adziwa bwanji?

Bambo Phiri: Muwerenge nokha. Ine ndinatsegula Excel, ntchito iliyonse mzere wake: tsiku, dzina la wolemba ntchito, udindo, boma limene kuli ntchitoyo, maluso amene atchula, ndi malipiro ngati alemba. Loweruka lililonse ola limodzi. Pa masabata 12 ndinasonkhanitsa zolengeza 96 za zowerengera ndalama, ndinasangalala kuti msika ulipo. Nditasanja potengera dzina la wolemba ntchito zinatsala 58. Zina zonsezo zinali ntchito imodzimodzi yotuluka mu nyuzi ziwiri, pa intaneti, kenako wina n'kuijambula n'kuiponya pa WhatsApp. Mukapanda kuchotsa zobwerezazi mudzaganiza kuti mabungwe ndiwo akulemba kwambiri, chifukwa iwo amalengeza ponseponse, pamene kampani ya ku Kanengo imalengeza kamodzi basi.

Maluso ndimawerenga ndi kafomula aka, mwachitsanzo pulogalamu yowerengera ndalama ya Sage, maluso ali mu mzati E:

```
=COUNTIF(E:E,"*Sage*")
```

Mumangosintha dzinalo, QuickBooks, Power BI, ACCA, zimene mukufuna. Kwa ine pa 58 zija Sage inatuluka ka 21, Power BI ka 5. Ndinali nditatsala pang'ono kulipira kosi ya Power BI chifukwa aliyense ankaikamba.

Chikondi wa ku Zomba: Pamenepo ndikutsutsani pang'ono bambo. Kasanu lero, koma mwina chaka chatha kanali kamodzi. Chimene chikukwera ndicho choti munthu aphunzire, osati chimene aliyense akuchidziwa kale.

Bambo Phiri: Mukunena zoona, masabata 12 sangakuuzeni chimene chikukwera. Pamafunika kuyerekeza miyezi yomweyo ya chaka china, chifukwa ntchito zathuzi zili ndi nyengo. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, makampani ambiri amatseka mabuku mu Disembala, mapulojekiti amalemba anthu ambiri nthawi imodzi ndalama zikangofika. Mukayerekeza Febuluwale ndi Ogasiti mukuyeza nyengo, osati msika. Koma Nabanda lendi ikumudikira mwezi uno. Iye afunsire kumene kuli 21, zisanuzo aziziyang'anira.

Mai a Tadala: Ine ndiye ndinadyeredwa. Mwana wanga analipira K25,000 kwa munthu wina amene anati amulowetsa pa sitolo yaikulu m'tauni, mpaka lero foni siikupezeka. Musamalipire ndalama kuti mupeze ntchito ana inu.

Chikondi wa ku Zomba: Pepani mayi, koma izi ndi zina. Uku salonjeza ntchito, amangogulitsa manambala. 

Mai a Tadala: Manambala amadyedwa?

Nabanda: Kkkk mayi mwandiseketsa ndili ndi nkhawa. Bambo Phiri, nanga malipiro? Ndikuona zolengeza zambiri sizitchula ndalama.

Bambo Phiri: Pa 58 zanga zotchula ndalama zinali 7 zokha, ndiye mzati umenewo ndimadzaza pofunsa anzanga amene achita intavyu. Koma chenjerani ndi kukwera kwa m'makwacha. Pali udindo wina umene pakati pa 2023 unali K600,000, nditauonanso unali K750,000. Munthu anena kuti wakwera ndi 25 peresenti, msika ukusowa anthu. Koma mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. K600,000 ija inali madola oposa 500, K750,000 pa K1,750 ndi madola osafika 430. Ndipo mitengo ya zinthu mu 2024 mokha inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposa. Malipiro amenewo atsika. Chizindikiro chenicheni chakuti anthu akusowa n'chakuti udindo umodzi ukukwera kuposa maudindo anzake a msinkhu womwewo, kapena amene ankafuna zaka zisanu ayamba kuvomera zitatu.

Yamikani: China chosavuta, ntchito ikalengezedwa kachiwiri ndiye kuti anthu aluso limenelo kulibe. Pitani pomwepo.

Chikondi wa ku Zomba: Osati nthawi zonse achimwene. Kumene ndinkagwira kale tinalengeza udindo umodzi katatu pa chaka chimodzi, osati chifukwa anthu kunalibe. Aliyense amene walowa ankathawa bwana pakatha miyezi itatu. Ndipo kwina amalengeza chifukwa malamulo awo amatero, munthu ali naye kale m'kati.

Bambo Phiri: Chimenecho ngakhale Excel yanga sichiona. Ndimangoika nyenyezi pa yobwerezedwa, kenako ndifunse wina wa m'katimo.

Thoko ku Leeds: Ine nditsutsane nanu nonse pang'ono. Kuno ndinalipira mwezi umodzi ndipo zinandithandiza, chifukwa ntchito zambiri zili pomwepo ndipo zolengeza zambiri zimatchula malipiro. Ngati Nabanda akuganizako zogwirira kampani yakunja ali kunyumba, manambala aja ayamba kumveka. Nthawi zambiri amapereka mwezi woyamba waulere kwa amene sanalipirepo. Koma amafuna khadi la ku banki, ndipo mukaiwala kuletsa amadula okha.

Nabanda: Khadi langa pa zinthu za madola limachita kusankha tsiku, lero lilola mawa likana. Za kunjazo sindinaziganizire bwino. Bambo Phiri, mzati wa boma uja munapezamo chiyani? Ndilo funso langa lenileni, Lilongwe kapena Blantyre.

Bambo Phiri: Zanga ndi za nthawi imene mabungwe anali asanagwedezeke, zikusocheretsani. Ndikutumizirani tebulo lopanda kanthu, muyambe Loweruka lino. Nyuzi zakale za miyezi iwiri mukazipeza ku laibulale, mungobwerera m'mbuyo m'malo modikira masabata 12.

Yamikani: Koma kachizindikiro kagolide kaja kamathandizabe, ine ndaona.

Chikondi wa ku Zomba: Munaitanidwa ma intavyu angati chikaikireni?

Yamikani: Ndangolipira sabata yatha.