Anyamata anga ayamba kunama polemba maola a ntchito

Abale anzanga osoka, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi anyamata atatu pashopu, ndipo ndinawauza kuti azilemba m'kabuku nthawi imene yatha pa chovala chilichonse. Cholinga n'chakuti ndizidziwa tsiku lolonjeza kasitomala. Diresi la chitenje ndinkaliwerengera maola anayi, koma kudula, kuika zipi ndi kukonzanso mwini wake atayesa kumadya tsiku lathunthu, magetsi akathima ndiye basi.

Vuto n'lakuti iwo akuganiza kuti ndikufuna kuwadula malipiro. Tsopano aliyense amangolemba maola anayi, ngakhale ndamuona atachedwa. Manambala ofanana chonchi sandithandiza konse.

Kodi ndichotse mayina m'kabukumo, tizingolemba mtundu wa chovala? Nanga nthawi yodikira magetsi muilemba payokha?