Kodi mtengo wa tsiku limodzi ndiuwerengere bwanji kuchokera pa malipiro apachaka?

Ndasiya ntchito yokhazikika yomwe inkandilipira 24,000 pachaka, ndipo tsopano bungwe lina likufuna kundilemba ngati mlangizi kwa masiku 30 okha, koma landiuza kuti nditchule ndekha mtengo wa tsiku limodzi.

Poyamba ndinagawa 24,000 ndi masiku 260, omwe ndi masabata 52 a masiku asanu, ndipo ndinapeza pafupifupi 92. Kenaka ndinazindikira kuti pa ntchito yakale ndinkalipidwa ngakhale pa tchuthi kapena ndikadwala, pomwe mlangizi akagona kunyumba tsiku limenelo lapita. Nditachotsa masiku 20 atchuthi, 10 a zikondwerero za dziko, 10 odwala, ndi 40 ofunafuna ntchito ina, kwatsala masiku 180. Abwana akale ankandilipiriranso penshoni ndi inshuwalansi ya kuchipatala, zokwana 4,800 pachaka, choncho 28,800 kugawa ndi 180 kukupereka 160.

Chikundidetsa nkhawa ndi masiku 40 aja, chifukwa nambalayo ndangoiganiza. Inu amene mwagwirapo ntchito zotere, kodi pachaka mumalipidwa masiku angati kwenikweni? Ndipo bungwelo likanena kuti 160 yachuluka poyerekeza ndi 92, ndilionetse masamu onsewa kapena ndingotchula mtengo wokha?